Kakonzedwe ka posita ya kafukufuku wa tizilombo ta m'nthaka

Pa msonkhano wa anthu a sayansi, posita imawerengedwa ndi munthu amene ali chiimire, ndipo kumanja ndi kumanzere kwake kumakhala maposita ena amene akulimbirananso maso ake. Munthuyo amayamba kuyang'ana ali patali mamita awiri kapena atatu, ndipo ngati mutu ndi chithunzi chachikulu sizinamuuze chimene mwapeza, amapitirira osafika n'komwe pa ndime zimene munazilemba mosamala. Kafukufuku wa tizilombo ta m'nthaka topanda fupa la msana ali ndi zovuta zakezake pa nkhaniyi. Tizilomboti n'tating'ono, mtundu wake umafanana ndi wa dothi, mayina ake a Chilatini ndi ataliatali, ndipo ziwerengero zake zimasiyana kwambiri moti gulu limodzi likhoza kumiza magulu ena onse pa girafu.

Malangizowa atsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti mwafufuza m'munda wa chimanga wokhala ndi mapuloti 12, asanu ndi imodzi olimidwa mizere monga mwa nthawi zonse, ndipo asanu ndi imodzi enawo ndi osagaula, ophimbira ndi mapesi. Mu puloti iliyonse munakumba zibuma zitatu za dothi potsata njira ya Tropical Soil Biology and Fertility, mwachidule TSBF, imene chibuma chake chimakhala masentimita 25 m'litali, 25 m'lifupi ndi 30 kuya, ndipo chimagawidwa m'magawo a zinyalala za pamwamba, masentimita 0 mpaka 10, 10 mpaka 20, ndi 20 mpaka 30. Munasanthula dothilo ndi manja n'kuwerenga nyongolotsi, chiswe, nyerere, abongololo ndi mbozi. Manambala onse a zopeza amene atchulidwe pano ndi ongoyerekeza, aikidwa kuti masamu aoneke bwino.

Yambani ndi chiganizo chimodzi

Musanatsegule kompyuta, lembani papepala chiganizo chimodzi chonena zimene mwapeza, chokhala ndi mneni ndiponso chosonyeza kumene kusintha kunalowera. Mutu wonena kuti "Kuunika mmene njira zosiyanasiyana za ulimi zimakhudzira tizilombo ta m'nthaka" ukungotchula ntchito imene munagwira, ndipo ukhoza kukhala pa posita ya munthu wina aliyense wa m'holo imeneyo. Mutu wonena kuti "Kuphimbira kunachulukitsa nyongolotsi m'masentimita 10 apamwamba, koma chiswe sichinasinthe moonekeratu" wapereka kale zotsatira, ndipo munthu wodziwa kuti alimi ambiri amakayikira kuphimbira poopa kuti mapesi aitana chiswe aima kuti aone umboni wake. Misonkhano yambiri imafuna posita ya m'Chingerezi, koma mfundo ndi yomweyo pa chinenero chilichonse. Ngati okonza msonkhano akufuna kuti mutu ukhale womwe munatumiza pa chidule cha kafukufuku, ulembeni pamwamba ndi zilembo zocheperako, kenaka chiganizo cha zotsatira chikhale pansi pake ndi zilembo zazikulu.

Chiganizochi chiyenera kunena zoona za chimene munayeza. Kuchuluka kwa tizilombo ndi kulemera kwake ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kawirikawiri zimapereka nkhani zosiyana, chifukwa chiswe ndi nyerere zimatsogola pa chiwerengero pamene nyongolotsi zochepa zikuluzikulu zimatha kutsogola pa kulemera. Ngati munangowerenga, musalembe ngati munayeza kulemera.

Chiganizo chimenechi ndicho chosefera zonse zotsala. Mwina muli ndi zotsatira za chinyezi, za asidi wa m'dothi, za kaboni, za zokolola ndi za magulu khumi a tizilombo, koma chilichonse chimene sichikuthandiza kutsimikizira kapena kufotokoza chiganizocho chitsale m'kope lanu, mudzachitchule pakamwa wina akadzafunsa.

Kukula kwa pepala ndi kagawidwe ka malo

Werengani malangizo a msonkhano kuti mudziwe kukula kololedwa komanso ngati posita ikhale yoimirira kapena yogona, chifukwa posita yogona ya masentimita 118.9 singakwane pa bolodi lokonzedwera yoimirira, ndipo idzaphimba ya mnzanu. Pepala la A0 ndi masentimita 84.1 ndi 118.9, pamene la A1 ndi 59.4 ndi 84.1. Mu PowerPoint pitani pa Design, Slide Size, Custom Slide Size n'kulemba miyeso yeniyeniyo musanaike kalikonse. Pulogalamuyi imalola mpaka masentimita 142.24 mbali iliyonse, choncho A0 imakwana popanda kuichepetsa. Kusintha kukula mutaika kale zinthu kumasokoneza malo a zilembo ndipo kumatha kupotoza zithunzi.

Pa A0 yoimirira, siyani masentimita 3 opanda kanthu m'mphepete monse, ndiye mutsala ndi masentimita 78 m'lifupi. Gawani malowo m'madanga awiri a masentimita 37.5 okhala ndi mpata wa masentimita 3 pakati, ndipo yatsani Guides pansi pa View kuti m'mphepete mwa chinthu chilichonse mulunjike pa mzere umodzi. Madanga atatu pa pepala loimirira amafinya magirafu, choncho ndi oyenera pa posita yogona. Masentimita 15 mpaka 18 apamwamba akhale a mutu ndi mayina a ofufuza. Pansi pake pabwere funso la kafukufuku kumanzere ndi chojambula cha njira kumanja, kenaka girafu yaikulu yotambalala m'lifupi monse. Girafuyi ikhale chapakati kukwera m'mwamba pang'ono, chifukwa pamenepo ndi pamene pamayang'anizana ndi maso a munthu woimirira. Chigawo chapansi penipeni chimafika cha m'chiuno kapena kutsikirapo, ndipo anthu akaunjikana sichioneka, choncho kumeneko ndi kwa kuthokoza, mabuku awiri kapena atatu amene mwatchula, ndi zizindikiro za mabungwe. Ambiri amaika tanthauzo la zotsatira pakona ya pansi kumanja potsata dongosolo la lipoti, ndipo mapeto ake mfundo yofunika kwambiri imakhala pamalo ovuta kuwerenga. Ndi bwino kuliika pafupi ndi girafu yaikulu.

Malo opanda kanthu asakuopseni. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a pepala likatsala loyera, diso limadziwa lokha pamene chigawo chathera popanda kufunika mabokosi a mizere yokhuthala.

Girafu yaikulu

Apa ndi pamene pafunika nthawi yambiri, chifukwa ziwerengero za tizilombo ta m'nthaka sizigwirizana ndi girafu ya mipiringidzo imene kompyuta imapereka yokha.

Choyamba sinthani ziwerengero kuti zikhale za pa sikweya mita imodzi. Pamwamba pa chibuma ndi 0.25 × 0.25 = 0.0625 ya sikweya mita, choncho chiwerengero cha chibuma chimachulukitsidwa ndi 16. Tiyerekeze kuti mu puloti ina yophimbira zibuma zitatu zinapereka nyongolotsi 7, 4 ndi 4. Avereji yake ndi 5, kutanthauza nyongolotsi 80 pa sikweya mita. Mu puloti yomweyo chiswe chinali 412, 20 ndi 9, chifukwa chibuma choyamba chinadula njira ya chiswe yochokera ku chisa. Avereji yake ndi 147, kutanthauza 2,352 pa sikweya mita. Mukaika magulu awiriwa pa girafu imodzi imene mzere wake woimirira ukuchoka pa 0 kufika pa 2,500 ndipo ndi wotalika masentimita 25, mpiringidzo wa nyongolotsi udzakhala wotalika masentimita 0.8 okha. Kusiyana kwa nyongolotsi pakati pa mizere ndi kuphimbira, komwe ndi mutu wa posita yanu, kudzakhala mamilimita ochepa amene munthu sangawaone ali patali mamita awiri.

Njira yabwino ndi kupatsa gulu lililonse kagirafu kake kokhala ndi sikelo yakeyake, timagirafuto n'kutindandalika pamzere umodzi, kuyambira ndi nyongolotsi kumanzere popeza ndizo zili pa mutu. Mulembe momveka pansi pake kuti masikelo ndi osiyana, chifukwa wowerenga wofulumira akhoza kuganiza kuti nyongolotsi ndi chiswe zikufanana kuchuluka. Njira ina ndi sikelo ya logarizimu, imene imaika 10, 100 ndi 1,000 pa mipata yofanana. Vuto lake ndi lakuti ziro alibe malo pa sikelo imeneyi, pamene mu kafukufuku wa mtundu uwu mapuloti opanda nyongolotsi n'komwe amapezeka kawirikawiri, ndipo pulogalamu imatha kuwataya n'kungopereka chenjezo laling'ono limene ambiri saliwerenga. Mapuloti otayidwawo amakhala a mbali imene tizilombo tachepa, choncho girafu imanamiza poonetsa ngati kusiyana n'kochepa. Pa posita ine ndimasankha timagirafu tosiyana, chifukwa munthu woimirira sakhala ndi nthawi yomasulira sikelo yachilendo.

Chachiwiri, onetsani puloti iliyonse ngati dontho lakelake m'malo mwa mpiringidzo wa avereji. Mapuloti asanu ndi imodzi mbali iliyonse ndi ochepa moti madontho onse akwana bwino, ndipo amaulula zimene mpiringidzo umabisa. Pa kagirafu ka chiswe, wowerenga adzaona madontho asanu ali m'munsi ndi limodzi lili m'mwamba lokhalokha, ndipo adzamvetsa yekha chifukwa chake mwanena kuti chiswe sichinasinthe moonekeratu ngakhale avereji ya mapuloti ophimbira ikuoneka yokwera. Pakati pa madonthowo jambulani kamzere kogona kosonyeza nambala ya pakatikati, ija imene theka la mapuloti lili pamwamba pake ndipo theka lili pansi, chifukwa iyo sikokedwa ndi puloti imodzi yopitirira muyeso monga imachitira avereji.

Samalani ndi chimene mukuchitcha n, chiwerengero cha maumboni oima paokha. Munakumba zibuma 36, koma zibuma zitatu za mu puloti imodzi si maumboni atatu oima paokha, popeza zikugawana dothi limodzi ndi kalimidwe kamodzi. Dontho lililonse likhale avereji ya puloti, ndipo mulembe kuti n = 6 pa njira iliyonse ya ulimi. Katswiri aliyense wa zamoyo za m'nthaka akafika pa posita yanu adzayang'ana zimenezi asanayang'ane china chilichonse. Ngati mwaika timizere tosonyeza kumwazikana kwa ziwerengero, tchulani ngati ndi SD, SE kapena 95% CI, chifukwa pa ziwerengero zomwezo timizere ta SE timaoneka tatifupi kuposa ta SD, ndipo popanda dzina wowerenga sangadziwe chimene akuona.

Mu pulogalamu ya R girafu yotere ikhoza kukonzedwa motere, pamene `d` ndi tebulo la ziwerengero zanu lokhala ndi madanga a `ulimi`, `gulu` ndi `pa_m2`:

```r
library(ggplot2)
d$gulu <- relevel(factor(d$gulu), ref = "nyongolotsi")
ggplot(d, aes(ulimi, pa_m2, colour = ulimi)) +
  geom_jitter(width = 0.12, height = 0, size = 6) +
  stat_summary(fun = median, fun.min = median, fun.max = median,
               geom = "crossbar", width = 0.5, colour = "black") +
  facet_wrap(~ gulu, nrow = 1, scales = "free_y") +
  scale_colour_manual(values = c("#E69F00", "#0072B2")) +
  theme_classic(base_size = 30) +
  theme(legend.position = "none")
ggsave("girafu1.png", width = 78, height = 30, units = "cm", dpi = 200)
```

Mzere womaliza ndi wofunika kwambiri. Girafu yasungidwa pa kukula komwe idzakhale nako pa posita, masentimita 78 ndi 30, kotero zilembo zake zidzasindikizidwa pa kukula komwe mwasankha. Manambala a m'mbali mwa girafu amatuluka magawo asanu ndi atatu mwa magawo khumi a base_size, choncho 30 akupereka mapoyinti 24, omwe ndi malire apansi oyenera. Cholakwika chofala ndi kutenga girafu ya mu lipoti, yokonzedwera pepala la A4 ndi zilembo za mapoyinti 10, n'kuikoka pakona kuti ikule. Ikakula kawiri, zilembo zimangofika mapoyinti 20, mizere imakhala yopyapyala, ndipo ngati inali chithunzi cha mapikiseli ochepa m'mphepete mwa zilembo mumaoneka mano. Onaninso `height = 0` pa mzere wa madontho: popanda iyo, pulogalamu imasuntha madontho m'mwamba ndi pansi pang'ono, ndipo puloti ya ziro imatha kuoneka ili pansi pa ziro.

Mzere woimirira ulembedwe ndi muyeso wake wonse, monga "chiwerengero pa m², masentimita 0 mpaka 30". Ngati munagwiritsanso ntchito misampha ya makapu okwiriridwa pansi, zotsatira zake zisakhale pa girafu imodzi ndi za zibuma. Msampha wotere umagwira tizilombo timene tikuyendayenda pamwamba, choncho umayeza kuyenda pamodzi ndi kuchuluka, ndipo muyeso wake ndi chiwerengero pa msampha pa tsiku, osati pa sikweya mita.

Girafu yachiwiri ndi mitundu

Mutu wa chitsanzo chathu ukutchula masentimita 10 apamwamba, choncho pafunika girafu yachiwiri yoonetsa kuya. Ijambulidwe monga dothi limakhalira: zinyalala pamwamba, kenaka 0 mpaka 10, 10 mpaka 20, ndi 20 mpaka 30 pansi, mipiringidzo kapena madontho zikupita cham'mbali. Wowerenga sadzafunika kutembenuza chilichonse m'mutu mwake. Girafuyi ikhale ya nyongolotsi zokha, ndipo danga limodzi la masentimita 37.5 liyikwanira. Magirafu awiriwa ndi okwana. Tebulo la magulu onse ndi manambala ake a pambuyo pa dontho ndi la mu lipoti, ndipo pa posita palibe amene amaliwerenga.

Sankhani mitundu iwiri, umodzi wa mizere ndi wina wa kuphimbira, ndipo ikhale yomweyo pa girafu iliyonse, pa chojambula cha mapuloti, ngakhalenso pa mawu awiriwo m'chiganizo cha mutu. Mukatero simufunikanso kabokosi kofotokoza mitundu. Pewani kuphatikiza wofiira ndi wobiriwira, chifukwa pa msonkhano waukulu sipalephera kukhala anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Wa lalanje ndi wabuluu, amene manambala ake ali mu chitsanzo cha R chija, amasiyanitsika kwa anthu oterewa.

Ofufuza za nthaka amakonda kuika chithunzi cha dothi kapena cha munda kumbuyo kwa posita yonse. Musatero. Zilembo zakuda pa dothi lakatondo siziwerengeka, ndipo chithunzi chokhala ndi malo owala ndi ena amdima chimachititsa kuti mtundu uliwonse wa zilembo usowe penapake. Kumbuyo kukhale koyera kapena kotuwira pang'ono, zilembo zikhale zakuda.

Zithunzi za tizilombo

Chithunzi chabwino cha kachilombo ndicho chimakoka munthu ali patali, koma zitatu kapena zinayi zazikulu ndi zothandiza kuposa khumi ndi ziwiri zazing'ono. Sankhani magulu okhawo amene ali pa girafu, ndipo chithunzi chilichonse chikhale pamwamba penipeni pa kagirafu ka gulu lake, kuti dzina, chithunzi ndi madontho ziwerengedwe pamodzi.

Jambulani kachilombo pa chinthu cha mtundu umodzi chosiyana nako. Chiswe n'choyera motuwira, choncho chimaoneka bwino pa chakuda, pamene bongololo wakuda amafuna pepala loyera kapena lotuwa. Nyongolotsi ijambulidwe ili yamoyo, mutaitsuka dothi ndi madzi n'kuiika m'kambale konyowa, chifukwa ikakhala mu etanolo imafwifwa ndi kupindika. Mukajambula kachilombo kosungidwa, kamizeni konse mu etanolo m'kambale kagalasi, chifukwa kakatulukira pang'ono pamwamba kuwala kumanyezimira pamalo onyowawo n'kubisa maonekedwe ake.

Chithunzi chilichonse chikhale ndi kamzere kosonyeza kukula, monga ka milimita 1 pa chiswe kapena ka sentimita 1 pa nyongolotsi. Kulemba kuti "×40" n'kopanda ntchito, chifukwa nambalayo inali yoona pa maikulosikopu pokha, ndipo chithunzi chikakulitsidwa pa posita siikhalanso yoona, pamene kamzere kamakula limodzi ndi chithunzi. Kuti mukapeze, jambulani rula kapena pepala la timizere ta mamilimita pa kakulitsidwe komweko musanasinthe chilichonse pa makina, kenaka mu ImageJ gwiritsani ntchito Analyze, Set Scale pouza pulogalamu kutalika kodziwikako, ndi Analyze, Tools, Scale Bar poika kamzereko. Kamzereka n'kofunika koposa ngati mwaika pamodzi tizilombo tosiyana kwambiri msinkhu, monga bongololo wa masentimita angapo pafupi ndi kachilombo ka gulu la Collembola kotalika milimita imodzi kapena awiri, chifukwa pa posita zonse zimaoneka zofanana kukula.

Werengerani mapikiseli musanaike chithunzi. Chosindikizidwa chimafuna mapikiseli osachepera 150 pa inchi, ndipo inchi ndi masentimita 2.54. Chithunzi choti chikhale masentimita 15 m'lifupi chifunika 15 ÷ 2.54 × 150, omwe ndi mapikiseli pafupifupi 890, ndipo kawiri kake ngati mukufuna kuti timiyendo ndi tinyanga tioneke bwino munthu akayandikira. Nambala imeneyi ndi ya chithunzi mutachidula kale. Kachilombo kakang'ono pakati pa chithunzi cha mapikiseli 4,000 kakhoza kutsala ndi 500 okha mukadula m'mbali. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimakhala chochepetsedwa, choncho funsani fayilo yoyambirira. PowerPoint nayonso imatha kufinya zithunzi posunga, ndipo mukhoza kuiletsa posankha Do not compress images in file pansi pa File, Options, Advanced. Chithunzi cha munthu wina chimafuna chilolezo ndi dzina la mwini wake pambali pake.

Mayina a sayansi alembedwe motsata malamulo ake. Dzina la jenasi ndi la mtundu zimalembedwa mopendekera, monga Macrotermes ndi Odontotermes, koma mayina a mabanja ndi magulu akuluakulu monga Termitidae, Formicidae ndi Diplopoda sapendekera, ndiponso "sp." ndi "spp." sapendekera. Mupereke dzina lofika pamene munafikadi pozindikira. Nyongolotsi yosakhwima, yopanda chibangili chotupa cha pafupi ndi mutu, nthawi zambiri sizindikirika kufika pa mtundu, ndipo chiswe chimazindikiridwa mosavuta poona asilikali ake, choncho ngati munapeza antchito okhaokha ndi bwino kulemba dzina la banja. Kwa owerenga amene si akatswiri a tizilombo, dzina lodziwika likhale patsogolo ndi zilembo zazikulu, la Chilatini pansi pake.

Mawu ochepa

Posita yonse isapitirire mawu 400, kuphatikizapo a pansi pa zithunzi. Mutu ukhale wa mapoyinti 80 mpaka 100, timitu ta zigawo 44 mpaka 48, mawu wamba 28 mpaka 32, ndipo pasakhale chilichonse chofunika kuwerengedwa chochepera 24. Mtundu umodzi wa zilembo zosakongoletsa monga Arial kapena Calibri ndi wokwana. Pa danga la masentimita 37.5, zilembo za mapoyinti 28 zimapereka mzere wa zilembo pafupifupi 70, womwe diso limautsata bwino. Ndime zilunjike kumanzere kokha, chifukwa kulunjikitsa mbali zonse ziwiri kumasiya mipata ikuluikulu pamene dzina lalitali la Chilatini lagwera kumapeto kwa mzere. Mutu wa zilembo zazikulu zokhazokha umachedwetsa kuwerenga ndipo umawononga kalembedwe ka mayina a sayansi.

Chidule cha kafukufuku musachiike pa posita pokhapokha okonza msonkhano atalamula, popeza posita payokha ndi chidule. Mawu oyamba akhale ziganizo ziwiri kapena zitatu zothera pa funso lanu. Anthu a pa msonkhano wa za nthaka safunika kuuzidwa kuti nyongolotsi zimathandiza dothi, koma akufuna kudziwa chimene chinali chosadziwika pa munda wa mtundu umenewu.

Njira ya kafukufuku ndiyo imadya mawu ambiri, ndipo ndiyo yosavuta kuisandutsa chojambula. Jambulani chibuma ndi miyeso yake ndi magawo ake anayi, pambali pake mujambule mapuloti 12 m'mitundu iwiri ija ndi timadontho titatu mu puloti iliyonse. Pa mapuloti a mizere onetsani pamene munakumba, kaya pamwamba pa mzere, m'khwawa la pakati, kapena pophatikiza zonse, chifukwa dothi la pamwamba pa mzere ndi lofewa ndi lounjikidwa pamene la m'khwawa ndi lopondedwa, ndipo "masentimita 10 apamwamba" satanthauza chinthu chimodzi pa malo awiriwa. Mawu otsala ndi ochepa koma sangasiyidwe: malo, mtundu wa dothi, zaka zimene mapuloti akhala akulimidwa motero, mwezi ndi chaka chimene munakumba, njira yosankhira tizilombo, ndi dzina la njira ya masamu imene munayesera kusiyana. Mwezi ndi wofunika chifukwa nyongolotsi zimatsikira pansi kapena kudzipinda n'kugona dothi likauma, kotero ziwerengero za mu Febuluwale sizingafanizidwe ndi za mu Seputembala.

Mawu a pansi pa girafu ayambe ndi zimene girafuyo ikuonetsa, kenaka afotokoze zizindikiro. Mwachitsanzo: "Nyongolotsi zinachuluka m'mapuloti ophimbira. Dontho lililonse ndi avereji ya zibuma zitatu za puloti imodzi (n = 6), kamzere kakuda ndi nambala ya pakatikati, ndipo masikelo ndi osiyana." Munthu amene wawerenga mutu ndi mawu amenewa okha ayenera kuchoka atadziwa zotsatira zanu. Pafupi pomwepo onjezani chiganizo chimodzi cha malire a kafukufuku, monga chakuti munakumba nyengo imodzi pa malo amodzi, kapena chakuti kusanthula ndi manja kumaphonya tizilombo tambiri tochepera mamilimita awiri. Matebulo athunthu ndi mndandanda wa mitundu zikhoza kupezeka kudzera pa kachizindikiro ka QR ka masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, koma mukayese ndi foni mutasindikiza.

Kuyesa ndi kusindikiza

Sungani posita ngati PDF ndipo muisindikize pa A4. Pepala la A4 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a A0 m'litali ndi m'lifupi, choncho zilembo za mapoyinti 28 zimatuluka ngati za 7, ndipo kuligwira patali masentimita 50 kukufanana ndi kuima patali mamita awiri ndi posita yeniyeni. Chimene simungachiwerenge pa A4 motero sichidzawerengekanso m'holo. Kusindikiza kumeneku kukhale kwa inki yakuda yokha, kuti muone ngati mizere ndi kuphimbira zikusiyanitsikabe popanda mtundu. Ngati sizikusiyana, mbali imodzi ikhale ya madontho ozungulira, ina ya makona atatu.

Perekani pepalalo kwa mnzanu wa nthambi ina, mumulande pakatha theka la mphindi, ndipo mumufunse zimene kafukufukuyo wapeza. Akayamba kufotokoza njira m'malo mwa zotsatira, ndiye kuti chojambula cha njira chakula kuposa girafu, kapena mutu sunanene kanthu. Akakufunsani kuti madontho a mizere ndi ati ndipo a kuphimbira ndi ati, mayina a pa girafu achepa.

Kenaka tsegulani PDF pa kompyuta n'kuiika pa 100%, muyende nayo chigawo ndi chigawo. Pamenepo mudzaona chithunzi chilichonse chosakwana mapikiseli, ndiponso zizindikiro monga ², ± ndi µ, zimene nthawi zina zimasanduka timabokosi fayilo ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda zilembo zanu. N'chifukwa chake kwa osindikiza kumapita PDF osati fayilo ya PowerPoint. Auzeni kukula kwake m'masentimita ndi kuti asindikize pa Actual size. Mitundu ya papepala imatuluka yoderapo kuposa ya pa kompyuta, ndipo zithunzi za tizilombo takuda ndizo zimavutika kwambiri, choncho pemphani kuti ayambe asindikiza kachigawo kokhala ndi chithunzi chimodzi ndi mbali ya girafu, kuti ngati bongololo watuluka ngati banga lakuda muwalitse chithunzicho musanalipire pepala lonse. Pepala losanyezimira ndi labwino kuposa lonyezimira, chifukwa magetsi a m'holo amawalira pa lonyezimira n'kuphimba girafu. Ngati ulendo ndi wautali, posita ya pansalu imapindika n'kulowa m'chikwama, koma timizere tosonyeza kukula ndi tinyanga ta tizilombo sizituluka mwakuthwa ngati papepala, choncho pa nsalu kulitsani zithunzi ndipo kamzere kalikonse kakhale kokhuthala kosachepera milimita imodzi.